Ndikasiya mafuta oyeretsa khungu nkhope imathetheka: nditani?

"Kwa miyezi 8 ndakhala ndikufinyira chubu chimodzi cha kirimu m'botolo la loshoni sabata iliyonse, n'kumadzola thupi lonse. Usiku ndimadzola ina ya m'kabotolo kopanda dzina yomwe ndimagula kumsika. Ndinayeradi, koma tsopano m'masaya mukuoneka timitsempha tofiira, m'mikono mwatuluka mizere, ndipo ndikasiya masiku atatu okha nkhope imathetheka n'kutuluka tiziphuphu. Ndisiye bwanji? Nanga pali china chabwino choti ndidzole?"

Achemwali, mafuta awiriwa njira yowasiyira ndi yosiyana. Ya m'kabotolo kopanda dzinayo siyani lero lomwe. Ya m'chubuyo musaisiye mwadzidzidzi, koma pang'onopang'ono, dokotala akukuyang'anirani.

Tengani katoni ya chubucho muwerenge timalemba tating'ono ta m'mbali. Mukaona mawu akuti Clobetasol kapena Betamethasone, dziwani kuti amenewo si mafuta odzikongoletsera. Ndi mankhwala a gulu la masiteroidi, amene madokotala amapereka pa matenda ovuta a khungu. Woyambayo ndi mmodzi mwa amphamvu kwambiri m'gulu lonse: amapatsidwa kwa masabata awiri mpaka anayi basi, pamalo podwalapo pokha, ndipo kumaso sadzola. Kusakaniza ndi loshoni sikuchotsa mphamvu yake. Kumangochititsa kuti afike thupi lonse, ndipo khungu likamadzoledwa ponseponse, mankhwala olowa m'magazi amachuluka.

Siteroidi amayeretsa chifukwa amafinya timitsempha ta magazi ta pansi pa khungu, komanso amafooketsa timaselo topanga melanini, yemwe amatipatsa mtundu wathuwu. Koma amaletsanso khungu kupanga ulusi umene umalilimbitsa, ndiye limapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera, n'kumang'ambika m'kati. Mizere ya m'mikonoyo ndi kung'ambika kumeneko, ndipo ndikuuzeni zoona: idzazilala, koma sidzatheratu. Chitetezo cha khungu chimatsikanso, moti zipere ndi mphere zimafalikira, bala laling'ono limachedwa kupola. Kuthetheka kumene mumamva mukasiya ndi timitsempha tija tikutseguka nthawi imodzi titafinyidwa kwa miyezi. Ambiri amabwerera ku chubu pa nthawi imeneyi poganiza kuti khungu lawo likudwala, pomwe chowadwalitsa ndi chubu chomwecho.

Choopsa kwambiri chili m'kati. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri topanga kotizo, amene amathandiza kuti magazi aziyenda ndi mphamvu yoyenera komanso kuti thupi lipirire matenda. Siteroidi akamalowa m'magazi tsiku ndi tsiku, tiziwaloti timachepetsa ntchito. Munthu amanenepa nkhope ndi mimba, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimakwera. Akangosiya mwadzidzidzi, thupi limatsala lopanda kotizo wokwanira: kufooka kwambiri, chizungulire, kusanza, ngakhale kukomoka kumene. Zizindikiro zimenezi zikabwera, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

N'chifukwa chake ndikuti tengani chubucho, loshoni yosakanizayo ndi kabotolo kaja, mupite nazo kwa dokotala wa khungu. Ngati muli ku Malawi, ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli mbali yoona za khungu, ndipo chipatala cha boma cha kwanu chingakutumizeni kumeneko. Muwauze miyezi yeniyeni ndi kuchuluka kwa machubu, musachepetse chifukwa cha manyazi, poti dongosolo losiyira lichokera pamenepo. Kawirikawiri amakuchepetserani masiku odzola, monga tsiku lina kudzola lina ayi, kenako kawiri pa sabata, kapena amakupatsani siteroidi wofooka kwa kanthawi mpaka musiyiretu. Zimatenga masabata angapo. Apempheni akuyezeni magazi, shuga, mkodzo, ndiponso maso ngati munkadzola pafupi ndi zikope.

Tsopano kabotolo kaja. Makirimu ausiku opanda dzina, kapena olonjeza kuyeretsa m'masiku 7, ndi amene amapezeka kawirikawiri ndi mekyule, chitsulo chapoizoni. Mwina pachikuto pangalembedwe Mercury, Calomel kapena Mercurous chloride, koma opanga ambiri salemba, ndipo ndi maso kapena mphuno simungadziwe. Pangano la mayiko la Minamata linaika malire a miligalamu imodzi ya mekyule pa kilogalamu ya zodzola, ndipo mu 2023 mayiko anagwirizana zoletseratu mekyule m'zodzola zonse. Makirimu ena oyezedwa apezeka ndi mekyule wopitirira malirewo maulendo masauzande.

Mekyule amalowa pakhungu n'kukaunjikana mu impso ndi mu ubongo. Impso zikawonongeka, mkodzo umachita thovu losatha msanga, zikope zimatupa m'mawa, mapazi madzulo. Ena amanjenjemera zala, amasowa tulo, amakwiya msanga, amaiwalaiwala. Ndipo sathera pa wodzola yekha. Amatsala pa thaulo, pa pilo ndi m'manja, amatuluka ngati mpweya m'chipinda, amafika kwa mwana m'mimba ndi mu mkaka wa m'mawere. Ngati mumagona ndi mwana kapena mukuyamwitsa, auzeni adokotala zimenezi. Kabotoloko mukatseke bwino, mukamange m'jumbo, musakatenthe pamoto.

Za choti mudzole. Masabata oyamba khungu lanu ndi lachilonda, choncho lipatseni zinthu zitatu zokha: chosambira chofewa chopanda fungo, mafuta wamba ofewetsa monga vasilini kapena kirimu wopanda pafyumu, ndi mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa. Oteteza ku dzuwawa ndiwo ofunika kuposa onse, chifukwa khungu lobulitchidwa limapsa msanga, ndipo likapsa limabwerera ndi mawanga akuda. Finyani mizere iwiri kutalika kwa zala ziwiri, ndiyo ya nkhope ndi khosi, m'mawa uliwonse; mukakhala padzuwa bwerezani pakatha maola awiri, ndipo chipewa kapena ambulera musachite nazo manyazi. Mandimu, soda, mankhwala otsukira mano ndi zokhula khungu, zonsezo ayi.

Kuthetheka kukatha, yambani ndi chimodzi mwa zodzola ziwiri izi zochotsa mawanga. Niacinamide wa 4 kapena 5 peresenti ndiye wofatsa, amachepetsa melanini wofika pamwamba pa khungu ndipo amathandiza khungu kusunga chinyezi. Ngati mwatsala ndi ziphuphu ndi zipsera zake, Azelaic acid wa 10 mpaka 20 peresenti ndiye ndingakusankhireni, chifukwa amagwira zonse ziwiri ndipo madokotala amalola ngakhale kwa amayi oyembekezera. Yesani kaye pang'ono kuseri kwa khutu kwa masiku atatu. Pakapanda kutupa, dzolani wochuluka ngati njere ya nandolo nkhope yonse, usiku wina inde wina ayi kwa masabata awiri, kenako usiku uliwonse. Kuyabwa pang'ono kwa mphindi zochepa n'kwachibadwa. Kuthetheka kofika m'mawa kukutanthauza kuti mwafulumira, pumulani. Gulani ku famase yovomerezeka, ndipo akakupatsani Tretinoin kapena Adapalene, musadzole muli ndi pakati. Hydroquinone nayenso si wothawirako: ukamudzola nthawi yaitali amasiya chikanga chakuda m'masaya chovuta kuchiza.

Ziwiri zija, Niacinamide ndi Azelaic acid, zimayamba kuoneka ntchito yake pakatha masabata 8 mpaka 12. Zimachotsa mawanga ndi kusalaza khungu, koma sizisintha mtundu umene munabadwa nawo, ndipo mafuta okuyeretsani thupi lonse m'masabata awiri kawirikawiri amakhala ndi siteroidi, mekyule kapena Hydroquinone. Yembekezeraninso kuti mukasiya mudzada, mwina kuposa kale kwa miyezi ingapo, makamaka m'mfundo za zala ndi m'masaya, mtundu wanu usanakhazikike. Nthawi imeneyo jambulani nkhope yanu kamodzi pa mwezi, pamalo amodzimodzi ndi kuwala kofanana, muzikawaonetsa adokotala mukamabwerera kukayezedwa.