Mitengo yothera ndi 99 ndi ma pulomoshoni a "gulani zitatu"

"Abale tandithandizeni, bwanji mashopu amakonda kulemba 999 m'malo mwa 1,000? Ndiye ndaona sopo wochapira alemba kuti anali 1,500 pano 999, ukatenga mapaketi atatu omanga pamodzi 2,799. Nditenge atatuwo kapena ndi nyambo chabe?"

Achimwene musathamangire kutilu, papepala lomwelo pali misampha itatu ndipo yonse ikuseweretsa chinthu chimodzi, munthufe sitidziwa mtengo weniweni wa katundu, timangoyerekeza ndi nambala yomwe maso ayamba kuona. Eni shopu amadziwa zimenezi ndiye nambala yoyambayo amakusankhirani okha.

Za 999 zo nzachidule. Timawerenga kuyambira kumanzere, ndiye diso likangogwa pa 9 mutu wanena kale kuti "ma handiredi" osati sauzande, chonsecho kusiyana ndi 1 yekha. Akatswiri awiri, Thomas ndi Morwitz, anafufuza izi mu 2005 ndipo anapeza kuti zimagwira ntchito kwambiri nambala yakumanzere ikasintha, 2.99 ndi 3.00 anthu amaona kusiyana koma 3.59 ndi 3.60 ayi ndithu. Mankhwala ake ngosavuta, mukaona 999 nenani mumtima kuti 1,000, mukaona 2,799 nenani 2,800 basi.

Chomwe chimandiwawa ine ndi 1,500 wodulidwa ndi mzere uja, ameneyo ndiye woopsa. Ntchito yake ndi yoti akhale muyeso wanu, kuti musiye kufunsa ngati sopoyo ndi woyenera 1,000 muyambe kusangalala kuti mwapulumutsa 500. Koma kodi alipo anagulapo pa 1,500? mwina anangoikapo masiku ochepa chabe, mwinanso ndi mtengo wongonena opanga katundu womwe palibe shopu imagulitsirapo. Mungadziwe poona mashopu ena awiri atatu, ngati konse ali cha mma 1,000 momwemo ndiye kuti palibe seli apa, umenewo ndi mtengo wake wa masiku onse. Chizindikiro china, pulomoshoni yosatha, mwezi ndi mwezi chikwangwani chofiira chili pompo.

Ndipo musadzione ngati opusa ayi, zimatigwira tonse. Ku America kampani ya JC Penney mu 2012 inayesa kusiya zimenezi, bwana wake Ron Johnson anathetsa ma seli ambirimbiri aja nkuika mitengo yotsika yachilungamo, yopanda ma 99. Makasitomala anathawa, malonda anatsika ndi pafupifupi 25 peresenti chaka chomwecho, mu 2013 iye anachotsedwa ntchito. Anthu ankafuna kumva kukoma koti apeza zotchipa, nchifukwa chake mashopu sangasiye wamba.

Tsopano tiwerengere limodzi bandulo yanuyo. 2,799 kugawa patatu ndi 933 paketi imodzi. Kugula imodzi imodzi ndi 999, ndiye mukupulumutsa 66 pa paketi, zonse pamodzi 198. Koma mutu wanu sukuwerenga choncho, ukutenga 1,500 katatu nkupeza 4,500 nkumati eee ndapulumutsa 1,700 yonse. Mwaona mmene mtengo wodulidwa uja ukuthandizira bandulo? Komanso munabwera kudzagula paketi imodzi, mukutuluka mutasiya 1,800 yowonjezera lero lomwe kuti mupindule 198, ndalama yomwe mwina inali ya zina.

Pali penanso pomwe ambiri sayang'ana, kulemera kwake. Tembenuzani paketi muwerenge tizilembo tating'ono tija. Tinene kuti ya payokha ndi 1kg koma za mu bandulo ndi 900g iliyonse, zimachitika izi mapaketi nkumaoneka ofanana ndithu. Atatuwo ndi 2.7kg, 2,799 kugawa ndi 2.7 ikubwera pafupifupi 1,037 pa kilo, kutanthauza kuti bandulo ija yadula kuposa kugula imodzi. Mashopu ena amalemba mtengo wa pa kilo kapena pa lita mmunsi mwa kapepala ka pa shelefu, umenewo ndiye muziyang'ana, ngati palibe tulutsani foni mugawe nokha osachita manyazi.

Sindikunena kuti bandulo iliyonse ndi yoipa. Sopo sawola, ngati magalamu ndi ofanana, mumagwiritsa ntchito mtundu womwewo mwezi uliwonse ndipo 1,800 yo siikusokonezani bajeti, tengani, 198 ndi ndalama. Koma zikakhala zinthu zoti zili ndi deti yothera onani detiyo kaye, nthawi zina amamanga pamodzi katundu amene watsala pang'ono kutha ntchito kapena amene sakuyenda malonda, paketi imodzi yokha ikakuonongekerani ndiye kuti ziwiri zotsalazo mwagula pafupifupi 1,400 iliyonse.