Nthambi ziwiri, kasitomala 5001 m'modzi

"Tili ndi nthambi zinayi zomwe zimalembetsa makasitomala ndi kudula malisiti popanda intaneti, n'kumatumiza zonse ku seva yaikulu madzulo. Kodi kiyi ya mzere uliwonse ikhale nambala yotsatizana kapena UUID? Ndamva kuti UUID imachedwetsa detabesi."

Tengani UUID, kiyi yaitali yopangidwa mwa njira yoti isafanane ndi ina, makamaka ya mtundu wa 7. Ndikufotokozereni chifukwa chake.

Tinene kuti m'mawa nthambi zonse zikudziwa kuti kasitomala womaliza ndi 5000. Nthambi yoyamba yalembetsa munthu, kompyuta yamupatsa 5001. Yachiwiri yalembetsanso wina, nayenso 5001, poti makompyutawo sakulankhulana. Madzulo seva ikana m'modzi mwa awiriwo. Kukanako si vuto lalikulu, chifukwa mwakuona. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi pulogalamu yomwe imangosintha wachiwiriyo kukhala 5002 koma n'kuiwala malisiti ake, omwe akulozabe pa 5001. Ngongole ya wina yagwera wina mwakachetechete, ndipo mudzazindikira tsiku limene kasitomala adzabwere akukana ndalama zomwe sanatenge.

Ena amagawira nthambi iliyonse chigawo chake cha manambala, yoyamba kuyambira 1000000, yachiwiri 2000000. Zimayenda ndithu, mpaka tsiku limene kompyuta ya nthambi idzawonongeke, wina n'kubwezeretsa detabesi ya dzana. Manambala omwe anatumizidwa kale ayambanso kuperekedwa kwa anthu atsopano.

UUID sifuna kufunsa aliyense, kompyuta iliyonse imadzipangira yokha. Koma zimene munamvazo zili ndi maziko. UUID imatenga mabayiti 16 pamene nambala yotsatizana ya mtundu wa `BIGINT` imatenga 8. Komanso ya mtundu wa 4 ndi yachisawawa, choncho mzere watsopano umagwera paliponse mu indekisi, masamba ake n'kumagawanika. Tebulo likakula kuposa memole ya seva, mudzaona kulemba kukuchedwa, makamaka pa MySQL, pomwe injini yake yosungira matebulo, InnoDB, imasanja tebulo lonse motsata kiyiyo.

Mtundu wa 7, womwe unakhazikitsidwa m'chikalata cha RFC 9562 m'chaka cha 2024, umayamba ndi nthawi pa mabiti 48 oyambirira, ndiye mizere yatsopano imakhala moyandikana kumapeto kwa indekisi. PostgreSQL 18 ili ndi `uuidv7()` yopangira UUID za mtundu umenewu. Pa MySQL isungeni ngati `BINARY(16)`, osati ngati mawu a zilembo 36.

Chonde musadalire nthawi ya mkatiyo kuti ikuuzeni lisiti lomwe linayamba. Wotchi ya kompyuta yosalumikizidwa imasochera, ndipo kabatire kake kakatha imatha kubwerera zaka zambiri m'mbuyo. Seva izilemba yokha nthawi imene yalandira mzere.

Nanga munthu wa pa kauntala? Sangawerengere kasitomala zilembo 36 pa foni. Mupatseni nambala yakeyake m'danga lina, monga `B2-000417`, kutanthauza nthambi yachiwiri, lisiti la 417. Imeneyo ndiyo isindikizidwe papepala. Ikadzabwerezedwa mwangozi mudzangoikonza pamalo amodzi, chifukwa matebulo onse akulozerana ndi UUID.