Akukanizani laisensi ya mumsika, koma anayang'ana chani?

"Akulu, khonsolo yakana kundiwonjezera laisensi ya benchi langa mumsika, akuti lamulo limawalola kusankha okha. Koma ndamva kuti nkhani ndi yoti ndinadandaula pagulu za zimbudzi zauve. Nditani?"

Achimwene, imelo yanuyi yandipweteka mtima chifukwa mayi anga zinawaonekeranso zomwezi. Anagulitsa pa benchi limodzi kwa zaka zambirimbiri, msonkho osaphonya, kenako anayambana ndi mlamu wake wa mkulu wina wa msika, chaka chotsatira laisensi osatuluka. Kalata inabwera ndi zifukwa ziwiri, china choti katundu wawo amatseka njira, chinacho choti "sagwirizana ndi anzawo". Mayi anangopinda kalatayo nkuibisa mu Baibulo, ine ndili mwana sindinadziwe kuti chifukwa chachiwiricho chikanatha kugwetsa chigamulo chonsecho.

Mphamvu yosankha si yoti munthu apange zakumtima kwake ayi. Lamulo limapereka mphamvuyo pa cholinga, ndiye cholingacho ndi chimene chimakuuzani zoyenera kuganizira. Laisensi ya mumsika ilipo chifukwa cha ukhondo, chitetezo, malo okwanira, njira zodutsa anthu, kulipira msonkho. Kutseka njira kukukhudza zimenezo, ndipo khonsolo ikaona kuti ndi nkhani yaikulu, khoti silingaiuze kuti ndi yaing'ono, kuyeza kulemera kwa chifukwa choyenera ndi ntchito ya khonsoloyo. Koma kuyambana ndi mlamu wa bwana, chipani chanu, mpingo wanu, kudandaula za zimbudzi, zikukhudza bwanji kayendetsedwe ka msika? Mu 1947 ku England, pa mlandu wa Wednesbury, woweruza Lord Greene anakumbutsa chitsanzo cha mphunzitsi wochotsedwa ntchito chifukwa choti tsitsi lake ndi lofiira. Zanuzi ndi tsitsi lofiira basi.

Ndipo chomwe chimandikwiyitsa nchoti chifukwa chabodzacho sachilemba chokha, amachiphatikiza ndi chenicheni kuti chibisale. Koma ngati chosayeneracho chinakankhadi chigamulo, chigamulocho chitha kugwa ngakhale pambali pali chifukwa chabwino. Palinso mbali ina yomwe anthu amaiwala, kusaganizira zoyenera nakonso ndi kulakwa. Malisiti a mayi anga a zaka zonsezo palibe anawatsegula.

Ndiye mupange chani

Lembani kalata kupempha zifukwa zolembedwa ndi maminitsi a msonkhano womwe anagamulirako. Onani madeti, munadandaula liti, anakana liti, komanso ngati ena a benchi ngati lanu anapatsidwa. Pangani apilo msanga, mukapita kukhoti nthawi yake imakhala yochepa kwambiri. Dziwaninso kuti khoti nthawi zambiri silikupatsani laisensi, limafafaniza chigamulo nkuuza khonsolo iganizirenso popanda nkhani ya zimbudzi ija, ndiye ngati benchi lanu likutsekadi njira, likonzeni kusanafike kumeneko.