Oda iliyonse ikhale ndi nambala yake

"Amayi, ndangoyamba kumene kukaoda katundu kunja kwa dziko, ndipo makasitomala amandilipira pafoni ndisananyamuke. Ndikabwerako mutu umaima: uyu akuti analipira, uyu phukusi silinamufike, winayo akufuna ndalama zake. Inu mumalemba bwanji?"

Achemwali, gulani kope lachikuto cholimba, lokwana m'chikwama chomwe mumayenda nacho. Oda iliyonse muziipatsa nambala yake, motsatana, osabwereza ngakhale munthu yemweyo ataodanso mawa lake. Nambalayo mumuuze kasitomala, muilembe paphukusi, ndipo akabwera ndi dandaulo muyambe mwamufunsa nambala yomweyo. Mayina amafanana, ndipo pafoni anthu amadzitcha mayina ena, koma oda 47 ndi imodzi basi.

Ine ndimatsegula kope masamba awiri oyang'anizana. Kumanzere ndimalemba tsiku, dzina, foni, katundu ndi ndalama zolowa. Kumanja ndi kwa phukusi, madandaulo ndi ndalama zobweza. Oda iliyonse ndimaisiyira mizere isanu, chifukwa nkhani ya oda sithera tsiku lomwe yalembedwa.

Pamene ambiri timagwera ndi pa malipiro. Sikokwanira kulemba kuti "walipira". Lembani tsiku, kuchuluka kwake, dzina lomwe latuluka pa uthenga wa ndalama, ndi zilembo zinayi zomalizira za nambala ya uthengawo. Chithunzi chomwe kasitomala wakutumizirani si umboni, poti chithunzi chimakonzeka, kapena chimakhala chakale. Ndalama zikaoneka pafoni panu, m'pamene cholembera chikhudze kope.

Oda 47 ija ndi yomwe inandionetsa ubwino wake wa zimenezi. Mayi wina anaoda mapeyala atatu a nsapato za sukulu, awiri a saizi 5, imodzi ya saizi 7. Anapereka theka pa 3, koma ndalamazo zinachokera pafoni ya amuna awo, dzina lina ndithu. Tsiku lomwelo munthu winanso ananditumizira ndalama zofanana ndendende. Ndinaimbira mayiwo kuti andiwerengere zilembo zomalizira za uthenga wawo, zinagwirizana, ndipo pansi pa dzina lawo ndinalemba kuti "wolipira: bambo a kunyumba", ndi nambala ya foniyo. Theka lotsala linalowa pa 12 nditabwerako, pamzere wakewake. Musamaphatikize malipiro awiri pamzere umodzi, mudzasowa poyambira wina akadzati anapereka katatu.

Pa 14 ndinamanga phukusi, ndinalijambula lisanatsekedwe nambala 47 ikuoneka, kenako kumanja ndinalemba amene walinyamula, nambala ya risiti yake, ndi kuti muli mapeyala atatu. Pa 16 mayi aja anaimba: nsapato ya saizi 7 yafika ili 6. Ndinalemba dandaulolo m'mawu awo omwe, ndi tsiku lake, ndisanayambe kudziteteza. Nditayang'ana chithunzi chija, bokosi linalembedwadi 7, koma ine sindinatembenuze nsapatoyo kuti ndione kunsi kwake pogula. Kulakwa kunali kwanga. Tinagwirizana kuti abweze peyalayo, ine ndibweze ndalama zake pamodzi ndi zomwe alipire potumiza, ndipo mgwirizanowo ndinaulemba, n'kuwatumizira pa uthenga kuti avomere.

Nsapato itandifika pa 20, mayiwo anapempha kuti ndalama ndiwatumizire pafoni yawo. Ndinakana mwaulemu. Ndalama zimabwerera komwe zinachokera, pokhapokha mwini foniyo atandiuza yekha. Mukabweza kwina, wolipira uja akhoza kudzabwera n'kunena kuti sanalandire kanthu, ndipo adzakhala akunena zoona. Akuba nawonso amakonda njira imeneyi: amati atumiza molakwitsa, mubwezere pa nambala ina. Bambowo anavomera pa uthenga kuti zipite pafoni ya akazi awo, ndinatumiza, ndinalemba ndi cholembera chofiira tsiku, kuchuluka ndi zilembo zinayi zija. Mzere wa malipiro oyamba sindinaufufute. M'kope langa mulibe kufufuta, ndikalakwitsa ndimadula kamzere kamodzi kuti zakale zizionekabe.

Kamodzi pa sabata ndimakhala pansi ndi kope ndi foni. Zolowa zonse, kuchotsa zofiira, zomwe ndatapa komanso zodula potumiza, ziyenera kufanana ndi zomwe foni ikuonetsa kuphatikiza zomwe ndinalandira pamanja. Zikasiyana, kawirikawiri ndimapeza malipiro amene sindinawapatse oda. Amenewo ndimawalemba kumapeto kwa kope mpaka mwini wake atapezeka, ndipo sindiwakhudza.

Ndisananyamuke ulendo wina ndimawerenga maoda onse amene kumanzere kwadzaza koma kumanja kuli mbee. Ndalama zimenezo n'za eni ake, si mpamba wanga, choncho sindigulira katundu wina. Oda ndimaitseka ndi chizindikiro pakona pokhapokha kasitomala atanena kuti walandira ndipo zili bwino. Ya 47 ndinaitseka pa 21, bambo aja atayankha kuti ndalama zafika.