Muwerenge wakufa m'makapu musanalembe nambala

"Anzanga, ndani anayesapo njira yopaka udzudzu ufa wamtundu wowala, kuutaya n'kuugwiranso? Ndikufuna kudziwa kuchuluka kwake m'mudzi wina kufupi ndi nyanja ya Malombe, komanso umakhala masiku angati. Masamu ake akundizunguza."

Achemwali, masamu si amene adzakupwetekeni, koma nambala yoyamba ija, ya udzudzu umene mwataya. Ine inandiliza kuno ku Mangochi konkuno, mpaka lero mtima umawawa.

Tinatola mphutsi za anofelesi, udzudzu wofalitsa malungo, m'zithaphwi, n'kuzilera mpaka zitasanduka udzudzu, kuti tikataye wopanda malungo. Amfumu anavomera, eni nyumba anavomera. Tsiku lotaya ndinasiyira mkulu wina amene ankatiyang'anira kuti apake ufa. Munthu uja anathira ufa ngati akukonkha mankhwala m'thumba la chimanga, n'kumangirira makapu a udzudzuwo kumbuyo kwa kabaza, dzuwa lili pamutu, opanda nsalu yonyowa. Madzulo nditavundukula kaneti ka kapu yoyamba, palibe chinauluka. Pansi pa kapu panali pinki yekhayekha, udzudzu uli gada, miyendo m'mwamba, wina ukukwawa mapiko atamatana. Ana a m'mudzi atizungulira, ine manja akunjenjemera. Ndinati tiwerenge wakufawu, iye akuti "lembani 1000, kwada." Ndinalemba. Wofikadi m'mudzi mwina sunakwane theka, ndiye wopaka unagwidwa wochepa, masamu n'kutipatsa udzudzu wochuluka kuposa umene unalipo. Pofunsidwa anati wolakwa ndine. Ntchito ya mwezi wathunthu inapita m'madzi.

Tsono masamu ake, ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti mwatayadi 1000 wamoyo. M'mawa mwake mwalowa m'nyumba ndi kapaipi koyamwira udzudzu, mwagwira 400, ndipo mutauwunika mumdima ndi tochi yowalitsa ufa, 20 ndi wopaka. Ganizo lake n'lakuti gawo la wopaka m'dzanja lanu ndi lofanana ndi gawo la wopaka m'mudzi monse.

```
N = M × n / r
N = 1000 × 400 / 20 = 20000
```

M ndi wotayidwa, n ndi wonse wogwidwa, r ndi wopaka wogwidwanso. Koma musathamangire kulemba 20000, chifukwa usiku umodzi womwewo wina wafa kale. Apa mpamene pamafunika kubwerera tsiku lililonse, nyumba zomwezo, ola lomwelo, anthu omwewo. Tinene kuti masiku asanu wopaka mwapeza 20, 16, 13, 10 ndi 8. Mukuona kuti tsiku lililonse ukutsala pafupifupi 8 pa 10 ya dzulo lake. Kuti mutsimikize, tengani ln ya nambala iliyonse, logarithm ya batani la ln pa kalkuleta, muone mmene ikutsikira pa tsiku:

```
b = (ln 8 − ln 20) / 4 = −0.229
p = e^b = 0.80
```

Ine ndagwiritsa nsonga ziwiri kuti zioneke msanga, inu mujambule mzere wodutsa masiku onse asanu. Ndiye mwayi wopulumuka tsiku limodzi ndi 0.80, ndipo 1 kugawa ndi 0.229 akupatsani masiku 4.4, moyo wa udzudzu mwa chikatikati. Bwererani kumayambiriro kuja: tsiku loyamba wopaka wamoyo unali 800, osati 1000. Ndiye 800 × 400 / 20 ndi 16000, ndipo mukachotsa 800 wanu uja, wa m'mudzi ndi 15200. Kuchoka pa 20000 kufika pa 16000, kusiyana kwa masauzande anayi chifukwa cha usiku umodzi wokha.

Dziwaninso kuti 0.80 ameneyu sasiyanitsa wakufa ndi wouluka kupita mudzi wina. Mwera ukawomba, kapena mwini nyumba akayatsa koyilo chifukwa chotopa ndi kulumidwa, wopaka umachepa msanga, inu n'kumati ukufa. Chizindikiro chake, nambala imagwa kwambiri tsiku limodzi m'malo motsika pang'onopang'ono. Muzigwiranso m'nyumba zingapo za kunja kwa mudzi, ndipo makapu angapo, ena a udzudzu wopaka ena a wosapaka, muwasunge kunyumba ndi thonje la madzi a shuga, muone ngati ufa ukupha. Wopaka ukakhala wochepa kwambiri, ngati 3 kapena 4, onjezani 1 pa n ndi pa r, komabe nambalayo musaidalire.

Makapu musasiyire munthu, gwirani nokha. Komatu nokha simungathe, pezani anthu awiri muwakhulupirire, mmodzi aziwerenga wakufa, wina azilemba. Ufanso musaumire kwambiri poopa zanga zija, chifukwa ulendo wachiwiri ndinathira pang'ono zedi, tsiku lachinayi ndinali kuwunika ndi tochi osadziwa ngati kadontho ka pamsana kanali pinki kapena fumbi la denga.