Mazira a mlamu ndi agogo: lipse lonse koma likhale lofewa

"Achemwali, mlamu wanu ali ndi pakati pa miyezi isanu ndipo akufuna dzira lamadzimadzi m'kati tsiku lililonse. Agogonso akuti lopsa kwambiri limawatsamwa. Azakhali a ku Mangalande akuti kwawoko amadya lotero popanda vuto. Tiziwaphikira bwanji?"

Ee achimwene, ndaumva uthenga wanu. Ndikuyankha ndi mawu chifukwa manja ali m'madzi, wina alembe kuti amayi awerenge. Awiriwo asasiye kudya mazira, limodzi pa tsiku lili bwino. Koma lizipsa lonse, choyera chija chigwirane, chachikasu cham'kati nachonso chigwirane, pasakhale potuluka madzi.

Chifukwa chake ndi kachirombo kotchedwa salimonela. Anthu amaganiza kuti kamangokhala pachigoba, pomwe pali zitosi. Pamenepo kamakhaladi, koma kamathanso kulowa m'dzira lisanaikiridwe, nkhuku ikuoneka yathanzi, ikuyenda bwinobwino pabwalo. Ndiye dzira lowala, losang'aluka, la nkhuku yachikuda ya amayi kumudzi, lingakhale nako ndithu. Simungakaone, simungakanunkhize. Chimene chimakapha ndi moto basi, kutentha kwa madigiri 71 mpaka pakati penipeni. Kunyumba kwathu kulibe choyezera, n'chifukwa chake timayang'ana chachikasucho: chikagwirana, moto wafika.

Inu mutadya dzira lotero mwina mungatsegule m'mimba masiku anayi kapena sabata, n'kuchira nokha. Mlamu ndi agogo ayi. Munthu woyembekezera chitetezo chake cha m'thupi chimatsikako, ndipo kutentha thupi kwambiri ndi kutha madzi m'thupi n'kumene kumaika mwana pachiswe. Agogo asidi wa m'mimba amene amapha tizirombo anachepa ndi ukalamba, komanso munthu wamkulu samva ludzu msanga, madzi amamuthera asakudziwa.

Azakhali sakunama, musawatsutse pagulu pano. Ku Mangalandeko mazira ambiri am'sitolo ali ndi chidindo cha mkango wofiira pachigoba, kusonyeza kuti nkhuku zake zinalandira katemera wa salimonela ndipo mafamu ake amayenderedwa. Mu 2017 boma lakumeneko linalengeza kuti amayi oyembekezera ndi okalamba angadye mazira a chidindo chimenecho osapsetsa. Chilengezo cha chaka chimenecho chinali cha a chidindocho okha, osati ena aliwonse. Thireyi imene mumagula pamsika, imene yakhala padzuwa osadziwa kuti masiku angati, si nkhani imodzi ndi imeneyo.

Tsopano za agogo, chifukwa madandaulo awo ndi oona. Dzira lowiritsa limauma m'kati, limamatirira kukhosi, makamaka kwa munthu amene mano anatha ndipo malovu ndi ochepa. Koma kufewa kwa dzira sikuchokera pa uwisi wake, kumachokera pa moto wochepa ndi timadzi timene mwathiramo. Swani mazira awiri m'kapu, thirani masipuni aakulu awiri a mkaka, ngati mulibe mkaka madzi omwe, kamchere pang'ono, mutakase mpaka zisakanikirane. Mafuta sipuni yaing'ono imodzi. Ngati mukuphika pambaula, dikirani makala atsike mphamvu, monga mukatha kuphika nsima, osati pamene akuyaka kwambiri. Thirani, muzitakasa pang'onopang'ono. Mudzaona akugwirana timibulu tofewa. Pendeketsani poto: ngati pali madzi a dzira akuyenderera, bwezeranipo. Ngati palibe, phulani pomwepo, chifukwa mukapitirira amauma n'kukhala ngati mphira, ndiye agogo adzati mwawaphikira zomwe anakana zija.

Njira ina, imene ineyo ndimaikonda kuposa zonse kwa munthu wamkulu, ndi ya m'phala. Phala la mgaiwa kapena la soya likapsa, lili pamoto pomwepo likuwira, thirani dzira lotakasa kale uku mukuvundula, lipitirize kuwira mphindi zina zitatu. Anthu ambiri amalakwitsa apa: amaphula phala, kuika m'mbale, ndiye kuswera dzira m'mbalemo poganiza kuti kutentha kwa phala kulipsetsa. Sikulipsetsa, phala la m'mbale limazizira msanga. Dzira lilowe poto ali pamoto. Ndipo ngati lilipo lowiritsa kale, liphwanyeni ndi foloko, musakanize ndi msuzi wa tomato kapena peyala, lidzatsika bwino.

Mlamu akafuna lowiritsa, ikani m'madzi ozizira omiza dzira lonse, muyambe kuwerenga nthawi madzi akayamba kubwata, osati mutangoteleka. Mphindi khumi. La bakha n'lalikulu, lipatseni khumi ndi ziwiri. Mukaona mzere wobiriwira kuzungulira chachikasu musataye, langopsa mopitirira, silinaonongeke. Lokazinga mulitembenuze mbali zonse ziwiri, kenako boolani pakati ndi foloko muone. Ndikudziwa chilakolako cha mimba sichimva uphungu, koma lofewa la agogo lija amuphikire nayenso, ambiri amakhutira nalo.

Pali zina ziwiri zimene adzamve kwa anthu. Choyamba, zoti woyembekezera akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Tsitsi la mwana silichokera m'mbale ya mayi ake. Chimene chili m'dzira ndi mapuloteni pafupifupi magalamu asanu ndi limodzi, mavitamini, ndi kolini amene amathandiza ubongo wa mwana kukula, ndipo koliniyo ali mu chachikasu, ndiye asamadye choyera chokha. Chachiwiri, zomwa dzira laliwisi mu mkaka kapena mu chakumwa chozizira kuti magazi achuluke. Chimenecho ndiye ayi ndithu. Pa dzira laliwisi thupi limangotengapo pafupifupi theka la mapuloteni, pa lophika limatenga pafupifupi onse, ndiye munthu waluza chakudya, waonjezera ndi chiopsezo. Za magazi, dzira si katswiri kwenikweni. Apitirize kumwa mapiritsi aja amalandira kusikelo, adye usipa, nyemba, bonongwe, chiwindi chokha asachulutse. Mayonesi wopanga pakhomo ndi kunyambita zosakaniza za keke zisanalowe mu uvuni, amenewonso ndi mazira aawisi, anthu amaiwala. Mayonesi wa m'botolo wa m'sitolo alibe vuto.

Kasungidwe mwachidule. Musatsuke mazira pofuna kusunga, chigoba chili ndi timabowo ndipo madzi amakankhira dothi m'kati. Lazitosi lipukuteni ndi kansalu kouma. Long'aluka musawapatse awiriwa. A kumudzi muziswa limodzilimodzi m'kapu kaye, chifukwa lina limakhala losukusa kapena nkhuku inayamba kufungatira. Zoika m'madzi kuti muone ngati likuyandama zimangokuuzani kuti dzira ndi lakale, sizikuuzani za salimonela. Mukatha kuswa sambani m'manja ndi sopo, ndi kapu ija itsukidwe isanalowe tiyi. Mazira ophika asakhale panja kupitirira maola awiri, nyengo yotentha ola limodzi. Mufiriji owiritsa amatha sabata, koma magetsi akathima tsiku lonse musadalire zimenezo, phikani oti adye pomwepo. N'chifukwa chakenso aja ogulitsa padepoti ndi kamchere mlamu awasiye kaye, simudziwa anaphikidwa liti.

Wina akayamba kutsegula m'mimba, kupotokola, kusanza kapena kutentha thupi, musangoganizira chakudya cha lero. Salimonela amatha kuonekera patapita maola asanu ndi limodzi, nthawi zina masiku angapo. Yambani kumumwetsa Thanzi pomwepo, ndipo kwa awiriwa musadikire kuti tione mawa: thupi likatentha, chimbudzi chikakhala ndi magazi, mkodzo ukachepa, agogo akayamba kusokonezeka mutu, kapena mlamu akamva kuti mwana sakugunda monga mwa masiku onse, thamangani nawo kuchipatala.

O, ndi za kuthamanga magazi kwa agogo, dzira limodzi si vuto, chepetsani mchere ndi mafuta. Shuga uja anawapeza naye chaka chatha, mukapita kukatenga mankhwala mukafunse adokotala awo kuti azidya angati pa sabata, mundiuze zimene anene.