Nyumba ku Joni, ina ku Lilongwe: wilu ilembedwe bwanji?

"Ndili ndi nyumba ku Joni ndi ku Lilongwe, ana aang'ono awiri komanso mwana wopeza. Wilu ndilembe bwanji?"

Achimwene, lembani mawilu awiri, dziko lililonse yakeyake. Chenjerani ndi mawu akuti "ndikufafaniza mawilu onse akale": mukawasiya choncho m'wilu yachiwiri, yoyamba ija yafa. Iliyonse inene kuti ikukhudza katundu wa m'dziko limenelo basi.

Mwana wopeza mumutchule dzina lonse. Mukangolemba kuti "ana anga" angathe kutsala kunja ngati simunamutenge mwalamulo.

Kuno ku Joni, ndalama za mwana wosakwana zaka 18 zimakasungidwa kuthumba la boma, pokhapokha wiluyo itakhazikitsa tirasiti, ndondomeko yoti anthu amene mwawasankha azisunga chumacho m'malo mwa anawo. Woyang'anira ana mumusankhe ndithu, koma mayi awo akadali moyo udindowo ndi wawo. Musayine tsamba lililonse pamaso pa mboni ziwiri zosalandirako kanthu.